Usawafunse zobwera pa mayeso, afunse kaonekedwe ka pepala

"Anti, ndili m'chaka choyamba ku koleji ndipo mayeso a semesita ayamba pakatha masabata atatu. Phunziro lina lili ndi mitu yambiri zedi, ndipo alekichala ake sananenepo kanthu za mayeso. Ndikufuna kuwalembera kalata yowafunsa mitu yoti ndilimbikire komanso mtundu wa mafunso amene abwere. Anzanga akuti ndikatero adzandiona ngati wofuna kubera. Ndilembe kapena ndingokhala chete? Ngati n'kulemba, ndilembe bwanji?"

Lemba, mng'ono wanga. Koma ndilole ndiyambe ndakuuza za sapu yanga, mayeso obwereza amene ndinalemba nditalephera phunziro lina, chifukwa imelo yakoyi ndaiwerenga usiku ndikuchonga makope a Fomu 3, ndipo ndinangoika cholembera pansi n'kukhala duu. Zaka zapitapo zambiri, koma ndikakumbukira m'mawa umenewo m'mimba mumatenthabe.

Ndinali m'chaka chachiwiri. Phunziro lake linali mbiri ya Malawi kuyambira 1891, pamene dziko lino linalowa m'manja mwa Angelezi, kufikira zaka zoyamba za ufulu wodzilamulira. Mitu inalipo 10. Ndinkalikonda phunziroli kuposa ena onse, ndipo pa ntchito za mkati mwa semesita, asayinimenti imodzi ndi mayeso a pakati, ndinali nditapeza malikisi 24 mwa 40. Mayeso otsiriza ankasenza 60 otsalawo, ndipo kuti munthu akhoze pankafunika 50 zonse zikaphatikizidwa. Sindinali pangozi. Ndinkangofunika kukalemba modekha n'kupita kwathu kukakolola.

Kutatsala masabata awiri, mnyamata wina wa m'kalasi mwathu anapita ku ofesi ya alekichala kukatenga asayinimenti yake. Potuluka anauza anzake awiri kuti bambowo amuuza kuti Chilembwe ndi Chitaganya tisazisiye. Mwina ananenadi choncho, ndipo ngati anatero sananame. Koma mawu akamayenda kuchoka ku hositelo ya anyamata, kudutsa ku kafeteriya, kufika kuchipinda chathu, amasintha khungu. Ife anatipeza ali akuti sikopu yatuluka, mayeso ndi Chilembwe ndi Chitaganya basi, zinazo ndi zongotayitsa nthawi. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anafunsa kuti mafunsowo adzakhala otani, angati, okakamiza kapena osankha. Tinangoganiza kuti pepala lidzafanana ndi limene a chaka chachitatu ankatiuza, maese asanu n'kusankhapo atatu.

Ndiye ndinawerenga Chilembwe ngati ndikukamulembera buku. Misheni yake ya PIM ku Mbombwe, ku Chiradzulu, imene anaiyamba mu 1900 atabwera kuchokera ku Amereka. Thangata pa esiteti ya Bruce ku Magomero. Kudandaula kwake kuti anthu akuda akutengedwa kukafera nkhondo ya azungu. Usiku wa pa 23 Januwale 1915, imfa ya William Jervis Livingstone, ndi kuphedwa kwa Chilembwe mwiniwake pa 3 Febuluwale chakufupi ndi malire a ku Mulanje. Chitaganya chimodzimodzi: chinayamba 1953, chinatha kumapeto kwa 1963, Dokotala Banda anabwerera pa 6 Julayi 1958, boma la atsamunda linakhwimitsa chitetezo pa 3 Malichi 1959, komiti ya Devlin inabwera kudzafufuza chaka chomwecho. Magetsi akazima tinkayatsa kandulo. Mnzanga wogona naye chipinda ankaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisamugwire, ine n'kumamubwerezera madeti mokweza ngati pemphero. Kope langa la mitu ina isanu ndi itatu ija linali pansi pa bedi, m'katoni.

Tsiku la mayeso tinakhala m'holo, matebulo atatalikirana, ziphaso zili pakona ya tebulo. Oyang'anira atanena kuti titembenuze mapepala, ndinamva holo yonse ikupuma kamodzi. Pepala linali ndi zigawo ziwiri. Gawo loyamba linali lokakamiza, mafunso afupiafupi 10 a malikisi 4 lililonse, funso limodzi pa mutu uliwonse. Gawo lachiwiri ndiye munali maese asanu aja, kusankha atatu, 20 iliyonse. Chilembwe analipodi. Koma funso silinali loti fotokozani zifukwa za kuukira kwa 1915 monga ndinaloweza. Linali loti yerekezerani njira ya Chilembwe ndi njira ya mabungwe a anthu ophunzira amene ankalembera boma madandaulo, monga lija la ku Karonga la 1912 ndi ena amene anatsogolera ku Nyasaland African Congress mu 1944. Theka la funsolo linali m'katoni pansi pa bedi langa.

Patapita nthawi ndinapempha kuona pepala langa, ndipo manambala ake ndimawadziwa mpaka lero. Gawo loyamba 11 mwa 40. Ese ya Chitaganya 13, ya Chilembwe 9, ndipo yachitatu 5. Yachitatuyo inali ya kusamvana kwa nduna ndi Dokotala Banda mu Sepitembala 1964. Ndinkadziwa maina, Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi, Henry Chipembere, Yatuta Chisiza, chifukwa maina amenewa munthu umakula ukuwamva. Koma chimene anakanganirana, nkhani ya tiki yolipira m'zipatala, kuchedwa kopatsa Amalawi maudindo m'boma, ubale ndi Apwitikizi, ndinangozikanda pamwamba. Zonse pamodzi 38 mwa 100. Ukazitembenuza kukhala za mwa 60 zimatsala pang'ono kukwana 23, kuphatikiza 24 uja n'kukhala 47. Ndinaperewera ndi 3.

Tsono taona bwino pamenepa, chifukwa mutu wa nkhani yonseyi wagona apa. Ndikanangodziwa kuti pali gawo lokakamiza la mafunso afupi, ndikanatenga madzulo atatu okha n'kudutsa m'mitu yonse 10 mwachidule, maina, zaka, zifukwa ziwiri kapena zitatu pa mutu. Ndikanapeza ngakhale 20 mwa 40 pa gawo limenelo, maese aja n'kukhala oipa monga analili, ndikanatuluka ndi 52. Sichinandigwetse n'kusadziwa mitu yobwera. Mitu iwiri imene tinauzidwa inabweradi yonse. Chinandigwetsa n'kusadziwa kamangidwe ka pepala.

Sapu ku koleji si mayeso chabe, ndi ndalama. Ndinali kumudzi pamene zotsatira zinatuluka, ndipo kuti ndibwerere kukalembanso amayi anagulitsa mtedza umene anasunga kuti ukhale mbewu. Sanandikalipire. Anangouthira m'thumba, n'kusenza, ine ndikutsatira pambuyo mpaka pa sikelo ya vendala. Ndinaima pambali vendalayo akukanikiza thumba ndi bondo kuti alimange, amayi akuwerenga ndalama kawiri n'kuzimanga pa nsonga ya chitenje. Ndikamamva wophunzira akunena kuti sapu si nkhani, ndimadziwa kuti sanaonepo zimenezo.

Kwa zaka zingapo ndinkadziimba mlandu ndekha. Lero ndimati mlandu unali pawiri. Ife tinalakwa potola mphekesera n'kuisandutsa lamulo. Koma alekichala aja nawonso analakwa, ndipo sindidzasintha maganizo pa ichi. Anasintha kamangidwe ka pepala chaka chimenecho osauza kalasi. Mphunzitsi amene amabisa kuti pepala lili ndi zigawo zingati, kuti pali kusankha kapena ayi, kuti ndi la maola angati, sakukhwimitsa maphunziro ayi. Akungoyesa kuti ndani ali ndi mkulu wake wa chaka chachinayi womunong'oneza. Ndipo amene amavutika ndi omwewo nthawi zonse: mwana wochokera ku sekondale yoyendera ya kumudzi, woyamba pabanja pawo kuponda ku koleji, amene sadziwa n'komwe kuti mapasiti pepa amapezeka ku laibulale, ndipo amaopa kugogoda pa ofesi chifukwa kwawo wamkulu safunsidwa mafunso. Anzake ochokera ku sukulu zogonera zotchuka amafika ali ndi gulu kale, ali ndi mapepala a zaka zisanu mu foni. Kufunsa kwa iweyo ndi njira yako yofikira pamene anzakowo anayambira.

Ku sekondale zinthu izi sizibisika. Mwana aliyense wolemba MSCE amadziwa kuti phunziro lakuti lili ndi mapepala angati, lina ndi losankha yankho lolondola, lina ndi lolemba, ndipo aphunzitsi timawaphunzitsa ndi mapepala akale a MANEB poyera. Palibe amene amati kumeneko n'kubera. Kubera ndi kuja kunachitika mu 2020, pamene mayeso a MSCE anathetsedwa mu Novembala chifukwa mafunso enieniwo anali atafalikira, ana n'kukalembanso mu Januwale 2021. Kusiyana kwa zinthu ziwirizi mwana wa Fomu 1 angakuone. China ndi kudziwa mulingo wa bwalo, china ndi kugula oyimbira. Anzako amene akukuopsezawo asakaniza ziwirizi.

Komabe mantha awo ali ndi pogwira, ndipo izi ndinazimvetsa nditakhala mbali inayo ya tebulo. Ndinathandizirapo kuphunzitsa pa koleji ina kwa zaka zochepa, ndipo mayeso akamayandikira foni yanga inkasanduka msika. Mauthenga a pa WhatsApp cha m'ma 11 koloko usiku, nambala yosaidziwa, popanda dzina, popanda kunena phunziro: "Madamu tiuzeniko zobwera." Ena ankalemba ndime zitatu za mavuto a kunyumba, maliro, fizi, matenda a amayi, kenako pamapeto n'kuti choncho mundithandizeko pomwe ndiwerenge. Mavutowo ndinkawakhulupirira, ambiri anali oona, ndipo mtima unkandipweteka. Koma uthenga wotere umamumanga manja mphunzitsi. Akayankha, wapatsa munthu mmodzi chimene 80 enawo alibe. Ndiponso yankho lolembedwa limajambulidwa n'kutumizidwa paliponse, mawa lake n'kupezeka pa tebulo la mkulu wa dipatimenti. Ndiye ambiri amangokhala chete, ena amayankha ndi mawu awiri akuti werengani zonse, wophunzira n'kumati aphunzitsi ndi ouma mtima.

Palinso china chimene ophunzira ambiri sadziwa. Pofika masabata atatu mayeso asanayambe, nthawi zambiri pepala limakhala litachoka kale m'manja mwa alekichala. Amalilemba pamodzi ndi ndondomeko yochongera, n'kulipereka ku dipatimenti, anzawo n'kuliunika: kodi lakhudza zimene zinalonjezedwa pa autilaini ya phunziro, kodi malikisi akukwana, kodi funso lachinayi likumveka. M'malo ambiri limapitanso kwa wounika wochokera ku sukulu ina. Funso litha kuchotsedwa, lina n'kulowa, awiri n'kuphatikizidwa. N'kutheka kuti n'zimene zinachitikira funso lathu la Chilembwe lija. Choncho ngakhale mphunzitsi wokoma mtima atakunong'oneza mutu, akukuuza za pepala limene mwina lasintha kale. Koma chimango chake, zigawo, nthawi, kagawidwe ka malikisi, sichisinthasintha, ndipo ndicho angathe kukuuza nkhope ili gwa ngakhale pamaso pa mkulu wake.

Zimene angayankhe

Funso lakuti "chibwere n'chiyani" lisiye. Funso la mitu limene lili ndi yankho ndi la malire. Kodi mayeso ayambira sabata yoyamba kapena ayambira pamene mayeso a pakati analekezera? Kodi mitu imene ili pa autilaini koma sitinaifike m'kalasi ilowa? Kodi zimene tinauzidwa kuti tikawerenge patokha, kapena zimene magulu anafotokoza kutsogolo kwa kalasi, zimafunsidwa? Mafunso atatu amenewa amaoneka aang'ono, koma ngati mitu iwiri yomaliza siinaphunzitsidwe ndipo siilowa, wapulumutsa masiku anayi a kuwerenga popanda kupempha chinsinsi chilichonse.

Za kamangidwe ndiye funsa mosaopa. Pepala ndi la maola angati, lili ndi zigawo zingati, ndi ziti zokakamiza, posankha timasankha angati mwa angati, malikisi agawidwa bwanji. Yankho lake lili ndi masamu mkati, ndipo masamuwo ndiwo amakuuza kawerengedwe. Titenge pepala langa lija. Maola atatu ndi mphindi 180, malikisi 100, ndiye kuti malikisi amodzi akudya mphindi zosakwana ziwiri. Ese ya 20 ili ndi mphindi pafupifupi 35, gawo la 40 lili ndi mphindi 70, funso la malikisi 4 lili ndi mphindi 7 zokha, zotsalazo n'zowerengera mafunso. Munthu amene akudziwa izi sakonzekera ese ya masamba asanu ndi limodzi, chifukwa m'mphindi 35 dzanja silingafike kumeneko. Amakonzekera mfundo zinayi kapena zisanu zolimba, iliyonse ndi umboni wake, ndipo amayesezera kunyumba wotchi ili patsogolo.

Kusankha nakonso kumanyenga anthu. Ukamva kuti tisankha atatu mwa asanu, mtima umati ndiye ndiwerenge theka la mitu. Tawerengera. Mitu ilipo 10, mafunso 5. Ukasiya mitu inayi, palibe choletsa kuti mafunso anayi mwa asanuwo achokere mwa imene wasiyayo, iwe n'kutsala ndi limodzi. Kuti ukhale wotsimikiza kuti upeza atatu oyankhika, mitu imene ungasiye ndi iwiri yokha, ndipo apo n'kuti funso lililonse likuchokera pa mutu umodzi wakewake. Alekichala akakhala okonda kulumikiza mitu iwiri m'funso limodzi, monga anatichitira ife, ngakhale iwiriyo ndi yoopsa kuisiya. N'chifukwa chake ndimakonda kuti wophunzira afunsenso kuti: kodi funso limodzi lingakhudze mitu ingapo? Mphunzitsi aliyense angayankhe limeneli ndi inde kapena ayi, ndipo yankholo limasintha sabata yako yonse.

Chomaliza ndi mtundu wa kaganizidwe kamene funso limafuna. Mutu umodzi womwewo wa 3 Malichi 1959 utha kubwera m'njira zitatu. Atha kunena kuti tchulani zinthu zinayi zimene zinachitika, apo n'kukumbukira basi. Atha kunena kuti fotokozani chifukwa chake boma la atsamunda linachita zimenezo, apo pafunika zifukwa zolumikizana. Athanso kulemba chiganizo chakuti tsikuli ndilo linapha Chitaganya, n'kuti kambiranani, lija ophunzira amangoti funso la disikasi. Lachitatuli limafuna kuti uime penapake, uonetse mbali inayo, ubwerere pomwe waima ndi umboni. Ophunzira a chaka choyamba ambiri amagwera apa, chifukwa ku sekondale kutchula mfundo zambiri kunkawapatsa malikisi, ndipo amadabwa kuti alemba masamba anayi odzaza ndi zoona zokhazokha n'kupatsidwa 8 mwa 20. Ndiye pempha chitsanzo chimodzi cha funso, ngakhale la chaka chatha, ndiponso funsa ngati pepala la chaka chino lifanane ndi la chaka chathacho. Ife tikanafunsa limeneli lokha, mtedza wa amayi ukanadzalidwa.

Kalatayo

Usanalembe, tsegula autilaini ya phunziro, ija anakupatsani sabata yoyamba kapena anaiika pa Moodle kapena Google Classroom. Nthawi zambiri kagawidwe ka malikisi kamakhala pomwepo. Palibe chimene chimamufooketsa mphunzitsi ngati kufunsidwa chinthu chimene anachilemba kale pa tsamba loyamba. Ukaonetsa kuti waiwerenga ndipo ukufunsa zimene palibe, wayamba kale kulemekezeka.

Tumiza pa imelo ya sukulu, masana, tsiku la ntchito. Pa mutu wa imelo lemba dzina la phunziro ndi nambala yake, n'kuwonjezera kuti ndi funso la kamangidwe ka mayeso. Atchule ndi udindo wawo weniweni. Ngati ndi Dokotala kapena Pulofesa, nena choncho, anakhetsera thukuta dzina limenelo. Ku koleji makalata otere amalembedwa m'Chingelezi, ndiye uutembenuze wekha, koma mtima wake ukhale uwu:

"Wokondedwa a Dokotala, ndine wakutiwakuti, nambala yanga ndi yakuti, ndili m'kalasi lanu la phunziro lakuti la chaka choyamba. Ndikukonzekera mayeso otsiriza ndipo ndawerenga autilaini, koma pali zinthu zochepa zimene sindinazipezemo. Choyamba, kodi mayesowa akhudza mitu yonse kuyambira sabata yoyamba, kuphatikizapo iwiri yomaliza imene sitinaimalize m'kalasi? Chachiwiri, kodi pepala lidzakhala ndi zigawo zingati, ndi ziti zokakamiza, ndipo malikisi agawidwa bwanji? Chachitatu, kodi pepala la chaka chatha limene lili ku laibulale ndi chitsanzo chabwino cha mtundu wa mafunso a chaka chino? Sindikupempha mafunso enieni. Ngati n'kotheka, mungayankhire kalasi lonse pa phunziro lotsatira kapena kudzera kwa kalasi repu, kuti tonse timve chimodzimodzi. Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu."

Ndi yomweyo. Usawonjezere kuti phunziro lawo ndi lovuta, usanene kuti ukuopa kuwidedwa, usalonjeze kuti sudzauza munthu. Chiganizo chimene chikugwira ntchito yaikulu m'kalatamo ndi chija chopempha kuti ayankhire onse. Chimamasula manja a mphunzitsi, chifukwa tsopano sakukondera munthu. Chimakutetezanso iweyo. Ndiwe mtsikana, ndipo ndikulankhula nawe ngati mkulu wako: sindikufuna kuti upezeke uli ndi ngongole ya chinsinsi kwa mphunzitsi wamwamuna, ngakhale wooneka wabwino chotani. Alekichala ambiri ndi anthu aulemu, koma alipo ena amene pempho la mseri amaliona ngati khomo lotseguka. Ukafunsa za pepala iwo n'kuyankha kuti bwera ku ofesi madzulo anthu akaweruka, kapena tikumane kunja kwa sukulu, usapite wekha. Tenga kalasi repu kapena mnzako, pita nthawi ya ntchito, ndipo uthengawo usaufufute. Funso la kamangidwe ka mayeso lilibe chifukwa choyankhidwira chitseko chili chotseka.

Kunena zoona, njira yabwino koposa ndi yoti kalatayi isainidwe ndi kalasi repu m'malo mwa kalasi lonse, kapena wina angoimika dzanja mphindi zisanu zomaliza za phunziro. Koma ndikudziwa mmene zimakhalira. Aliyense amadikira mnzake, repu ali pa kampeni ya bungwe la ophunzira, masiku akutha. Ndiye lemba iweyo. Ndipo akayankha m'kalasi, lemba mawu awo monga anenera, pomwepo, m'kope. Usadalire zimene udzamve ku kafeteriya. Akanena kuti mutu wakuti musausiye, tanthauzo lake ndi lomwelo, musausiye. Sananene kuti inayo muisiye. Ife tinamva chiganizo choyamba n'kudzipangira chachiwiri.

Mwina adzayankha kuti zonse zimene tinaphunzira zitha kubwera. Usakhumudwe, ndipo usalembenso kachiwiri kuwakakamiza. Yankho limenelo lakuuza kale kanthu, kuti malire ndi autilaini yonse. Mwinanso sadzayankha n'komwe. Pakatha masiku atatu kapena anayi, afunse mwaulemu akamatuluka m'kalasi, anzako ali pomwepo, kuti kaya imelo ija anaiona. Zikakanika, pita ku laibulale kapena kwa a chaka chachiwiri upeze mapepala a zaka zitatu zapitazi, koma uyambe wafufuza ngati ankaphunzitsa ndi munthu yemweyu, chifukwa mphunzitsi akasintha pepala limasinthanso. Tenga tsamba limodzi, lemba mitu yonse motsika kumanzere, zaka zitatuzo pamwamba, n'kumachonga pamene mutu wabwera, ndi malikisi ake, ndi mawu amene funso layambira. Pakutha pa ola limodzi udzaona kuti mitu ina imabwera chaka chilichonse koma itavala malaya ena, ina imangobwera m'mafunso afupi. Tsamba limenelo likuthandize kugawa nthawi, wakuti masiku awiri, wakuti madzulo amodzi. Lisakhale chilolezo choponyera kope lina m'katoni.

Pa sapu paja tinalipo 14, m'kachipinda kakang'ono, sukulu ili zii anzathu ali ku tchuthi. Dzulo lake mmodzi wa ife, mtsikana wamanyazi wa ku Ntchisi, analimba mtima n'kugogoda pa ofesi ija ife tili kumbuyo kwake, n'kufunsa ngati pepala likhale ngati loyamba lija. Bambo aja anatiyang'ana, n'kunena kuti inde, zigawo ziwiri, loyamba lokakamiza, ndipo anadabwa kuti bwanji sitinafunse poyamba paja. Sizinathe ngakhale mphindi imodzi. Usiku umenewo tinagawana mitu 10 ija, aliyense n'kufotokozera anzake wake mwachidule, ndipo m'mawa mwake gawo loyamba ndinalimaliza mphindi 70 zisanakwane.